Kupepesa kuti sindidzafika ku ukwati wa ku Nsipe

Achemwali anga, ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi amayi anu ndi onse kumeneko ku Nsipe. Khadi ya ukwati wanu inandipeza Lachiwiri, ndipo ndinachedwa kuyankha chifukwa ndinkayembekeza kuti mwina zinthu zisintha, kuti ndisakulembereni zimene ndikulembazi.

Pepani kwambiri, sindidzatha kufika Loweruka pa 16 Ogasiti. Mukukumbukira kuti amayi anga akhala akuvutika ndi ng'ala, moti masiku ano ngakhale kusankha nyemba pa lichero akulephera. A chipatala cha ku Nkhoma atipatsa Lachisanu pa 15 kuti adzawachite opaleshoni ya diso lakumanja, ndipo ati adzagona komweko kuti adzawaonenso m'mawa mwake asanawatulutse. Achimwene ali ku Joni, mng'ono wanga ali m'chikuta, choncho wowadikirira ndi ine ndekha. Ndinawerengera ngati ndingathe kunyamuka Loweruka m'mawa, kuwasiya amayi kwathu ku Dedza n'kukwera minibasi ya ku Ntcheu, koma ndinaona kuti ndidzafika anthu akupakira mipando, kwinaku nditasiya munthu wosaona bwino ali yekha m'nyumba. Kupempha tsiku lina ndaopa, pakuti ili taliyembekezera nthawi yaitali.

Zikundiwawa, achemwali, chifukwa ukwati umenewu tinayamba kuukamba kalekale tili ku koleji ya aphunzitsi ku Bembeke, usiku wa Juni uja tinkafunda mabulangete awiri pabedi limodzi, inu n'kumalumbira kuti mwamuna wa ku Ntcheu simudzamuyang'ana n'komwe. Pa chinkhoswe ndinavina mpaka nsapato kuduka, ndipo ndinkati pa ukwati ndidzaposa pamenepo. Nsalu ya ukwati ndinasoketsa kale, ili m'sutikesi.

Mpando wanga sudzakhala wopanda munthu. Mwana wa achimwene, mtsikana wamkulu uja, adzafika Lachisanu madzulo kuti adzathandize amayi ophika, ndipo podutsa pa Lizulu adzakutengerani thumba la kachewere ndi kabichi. Ndamupatsanso K30,000 yoti adzaponye pa perekaniperekani m'dzina langa akadzaitana anzake a mkwatibwi, ndipo ndamuuza kuti asadzaponye ataima chilili ngati mlendo, adzavine ndithu.

Amayi akadzachira ndidzabwera kunyumba kwanu kwatsopano masukulu asanatsegulidwe, nditavala nsalu yomweyo, kuti mudzandionetse zithunzi ndi kundiuza zonse zimene ankhoswe adzakulangizeni. Mundipepesereko kwa alamu anga ndi kwa amayi anu, ndipo muwauze amayiwo kuti ndiwaimbira ndekha Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, asangomvera kwa inu. Loweruka limenelo nthawi ya Misa ndidzakhala ndikukupemphererani ndili m'wodi, ndipo inunso muwakumbukire amayi anga Lachisanu m'mawa. Mukawerenga mundiyankheko, ngakhale mawu awiri okha, kuti mtima wanga ukhale pansi.