Wafika bwino Thoko?

Thoko, ndikhulupirira wafika bwino ku Chelstone. Ine ndangolowa manje manje, kuno ku Kabwata malaiti kulibe ndiye ndikulemba mumdima foni ili pa 9%, ikazimira pakati usaganize kuti ndathawa.

Zikomo chifukwa cha lero mwandi. Choyamba pondidikira 40 minitsi yonse ija, basi inakana kudzaza pa Kulima Tower kondakitala kumangoti atsala awiri chabe atsala awiri chabe, ine thukuta kamukamu ndikuti basi mtsikana uja wapita, koma ndifike pa East Park ndakupeza uli phee ukumwa juwisi ngati palibe chalakwika. Chachiwiri posandiseka kwambiri supu itagwera pa shati yoyera. Unaseka inde ndinakuona, unabisa nkhope kumbuyo kwa menyu koma mapewa anakugulitsa kkkk. Shati ija ndinaisita kawiri m'mawa malaiti asanapite, iwe ungodziwa.

Koma chomwe chandikhala mumtima ndi pa Goma paja titakhala pa udzu dzuwa likulowa. Ndinabwera nditakonzeka ndi mafunso anga m'mutu, umagwira kuti, umakonda nyimbo zanji, onse anauluka utangoyamba nkhani ya ambuya ako a ku Katete omwe amabisa shuga m'chitini cholemba kuti mchere. Kwathu ku Chadiza ambuya anga ankachita chimodzimodzi, iwo ankabisa pansi pa mtondo. Kuchokera pamenepo sindinaonenso nthawi, ndinangodzidzimuka udzudzu wayamba kutiluma. Komanso unandidula pakamwa kuti ndisiye kukuitana kuti inu chifukwa sindiwe apongozi anga, ndiye waona lero ndamvera, meseji yonse ndi iwe yekhayekha ngakhale chala chikufuna kulemba inu.

Sindizungulira, ndikufuna tidzaonanenso. Unanena kuti zaka zonsezi uli mu Lusaka sunadyeko michopo ya ku Matero, ine zimenezo sindinazimvetse mpaka pano, ndiye ndilole ndikonze mlanduwu. Ndikudziwa sabata ino uli pa naiti mpaka Lachisanu ndipo Loweruka udzafuna kugona tsiku lonse, ndiye bwanji Sande ukatuluka ku tchalitchi, cha m'ma 14? Ulendo uno ndidzanyamuka molawirira ndidzayambe ine kufika, shati ndidzavala yakuda. Ngati Sande sizitheka unene tsiku lako ine ndidzazipanga. Ndipo ngati iwe sunamve monga ndamvera ine undiuze chabe osaopa, sindidzakwiya, lero lokha linali labwino kale.

Ambulera yako inatsala m'chikwama changa, shuwa sindinachite dala ngakhale ndikudziwa sukhulupirira. Foni yafika pa 4%. Ugone bwino, ukadzuka undiyankhe za Sande.

Masauso