Mpunga wa Kilombero ndi nyemba ku Area 25: werengani izi musanaode

Takulandirani makasitomala athu. Uthenga uwu tauika pamwamba kuti musamavutike kufunsa mitengo ndi malo m'ndemanga.

Timagulitsa mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga. Timagula wosapuntha kwa alimi, n'kukapunthitsa tokha kuchigayo, kupeta ndi kusankha timiyala. Timatero chifukwa mpunga wambiri wotchedwa Kilombero pamsika umakhala wosakaniza ndi mitundu ina yotchipa, ndipo munthu amadzazindikira ali kale kukhitchini, mpunga wapsa koma fungo palibe. Kilombero weniweni ndi wautali ndipo amanunkhira ngakhale asanaphikidwe. Mukafika pashopu tapani pang'ono, mufikise m'manja, mununkhize. Sitikaniza.

Mitengo ya mpunga ili motere:
5kg: K24,000
10kg: K46,000
25kg: K110,000
50kg: K215,000

Tilinso ndi wosweka, wabwino kuphala la ana ndi la m'mawa, pa K3,000 kilogalamu imodzi. Nyemba zilipo za kholophethe ndi nanyati zochokera ku Dedza, K5,500 pa kilogalamu, kuyambira 2kg. Zonse timayeza pasikelo inu mukuona, sitiyeza ndi mbale kapena chigoba. Mitengo ikasintha timakonza pomwe pano, choncho mtengo umene mukuwerengawu ndi wa lero.

Tili ku Area 25 mu Lilongwe, pafupi ndi msika wa Nsungwi. Ngati mukuchokera m'tauni, kwerani minibasi ya ku 25, mutsikire pa Nsungwi, kenako mutiimbire kuti mnyamata wathu adzakutengeni pasiteji. Shopu yake ndi ya chitseko chobiriwira. Timatsegula Lolemba mpaka Loweruka, 7:30 m'mawa mpaka 5:30 madzulo. Lamulungu timatseka, koma mauthenga timawayankha Lolemba m'mawa.

Kuti muode, dinani batani la WhatsApp limene lili pamwamba pa tsamba lino. Mu uthenga umodzi lembani dzina lanu, katundu amene mukufuna ndi makilogalamu ake, dera limene muli ndi chizindikiro chodziwika chapafupi, monga sukulu, tchalitchi kapena chigayo, komanso nambala ya munthu amene adzalandire katunduyo. Chonde musangolemba kuti "ndikufuna mpunga", chifukwa timayamba kufunsana mafunso ambiri ndipo oda yanu imachedwa. Tikawerengetsa zonse pamodzi ndi mtengo wokubweretserani, tikutumizirani chiwerengero chake. Musalipire tisanakuuzeni kuti katundu alipo.

Timalandira ndalama pa Airtel Money, TNM Mpamba ndi kubanki, kapena pamanja mukabwera nokha. Apa ndi pofunika kusamala kwambiri. Nambala yolipirira timaipereka pa WhatsApp yomweyo basi, pamodzi ndi dzina limene lituluke pafoni yanu. Musanalowetse nambala yanu yachinsinsi, onani kaye ngati dzinalo likufanana. Ndalama ikapita kwa munthu wina chifukwa cha nambala imodzi yolakwika, kuibweza ndi ntchito yaikulu. Munthu akakulemberani kuinibokosi kapena kukuimbirani kuti ndi wa ife ndipo nambala yasintha, musatumize kanthu, ameneyo ndi wakuba. Mukalipira, titumizireni uthenga wotsimikiza uja. Katundu amanyamuka ndalama ikaoneka mbali yathu, osati pongoona chithunzi.

Mu Lilongwe timatumiza pa kabaza wanjinga yamoto. Ku Area 25, 49 ndi 18 ndi K3,000. Ku Area 47, 10, 12 ndi 43 ndi K5,000. Ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi Likuni ndi K7,000. Oda yolipiridwa isanakwane 12 koloko masana imafika tsiku lomwelo. Foni ikhale yoyatsa, chifukwa wakabaza akafika osakupezani amabwerera ndi katundu, ndipo ulendo wachiwiri mulipiranso. A ku Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi Kasungu timawatumizira kudzera kumakampani onyamula katundu Lachiwiri ndi Lachisanu, kuyambira 10kg. Timakutumizirani chithunzi cha lisiti, ndipo mtengo wonyamulira mumalipira potenga katunduyo.

Mukalandira, tsegulani thumba tsiku lomwelo. Mukapeza kuti lanyowa, lang'ambika kapena makilogalamu ndi operewera, tijambulireni pasanathe maola 24 ndipo tisintha popanda kulipiranso. Thumbalo musaligoneke pasimenti, chifukwa limakoka chinyontho ndipo mpunga umachita nkhungu. Liikeni pathabwa, kapena khuthulirani mundowa youma yokhala ndi chivindikiro kuti anankafumbwe asalowe. Mpunga watsopano, wa miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, sufuna madzi ambiri: kapu imodzi ya mpunga, kapu imodzi ndi theka ya madzi. Mukathira makapu awiri ngati wakale umaphikika phala.

A maukwati, zinkhoswe, masukulu ndi malo odyera amene mukufuna matumba 5 a 50kg kapena kuposa, tiuzeni kutatsala sabata imodzi kuti tipunthitse okwanira, ndipo mtengo wake timakambirana.