Kalendala ya zoposita: shopu yathu ya zipatso pa Chitakale, 1 mpaka 25 Disembala 2025

Katundu amapita ku Limbe Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa, ndiye maposti ofunika kwambiri ndi a Lolemba ndi Lachinayi: munthu awone, aode, alipire tisanatseke 6 koloko madzulo. Lachitatu ndi Loweruka ndi ongoti anthu asatiiwale. Posti iliyonse ipite pa WhatsApp Status cha m'ma 6:30 m'mawa, pa Facebook 12 koloko masana. Status imafufutika pakatha maola 24. Ya maoda tiziyiikanso 3 koloko masana.

Zithunzi azijambula ndi achimwene 9 koloko isanakwane, chifukwa mwezi uno masana kumachita mitambo ndipo zinanazi zimaoneka zakuda. Mauthenga aziyankha ndi achemwali a pakauntala. Chithunzi chikhale cha katundu amene alipo tsiku limenelo, ndipo mtengo ulembedwe pachithunzi pomwepo, popeza anthu akamatumizirana mawu apansi amatsala.

Sabata yoyamba

Lolemba, 1: Dengu la zinanazi, phiri likuoneka kumbuyo. Mawu: "Zinanazi za ku Mulanje zafika! Chachikulu K1,500, dengu la 10 K13,000. Mawa zikhala ku Limbe. Odani isanakwane 6 koloko, kulipira ndi pa Airtel Money kapena Mpamba."

Lachitatu, 3: Vidiyo ya masekondi 20, kudula chinanazi chimodzi. Foni isunthidwe pafupi mpaka madzi azioneka akutsika pampeni. Vidiyo yaitali ayi, imadya bando ndipo anthu amangoidumpha. Mawu: "Chakupsa chimanunkhira kutsinde. Chikamanunkha ngati mowa, chapitirira."

Lachinayi, 4: Za maoda ngati Lolemba, koma chithunzi cha nthochi. Phava K1,200.

Loweruka, 6: Funso chabe: "Chinanazi mumachikonda chodula kapena chofinya?" Ndemanga zonse ziyankhidwe tsiku lomwelo.

Sabata yachiwiri

Lolemba, 8, ndi Lachinayi, 11: Maoda. Apa tilembe kumene katundu amatsikira: Luchenza, Thyolo boma, Bvumbwe ndi Limbe. Ambiri amafunsa "mumafika kuti?" ndipo tikachedwa kuyankha amakagula kwina.

Lachitatu, 10: Mmene timapakira. Zithunzi zitatu: katoni yobowola m'mbali, udzu wouma pansi, dzina la malo lolembedwa pamwamba. Mawu: "Zopita kutali timasankha zimene zangoyamba kuyezuka. Zakupsa kwambiri zimaphwanyika m'minibasi." Katoni yojambulayo isaoneke dzina kapena nambala ya kasitomala.

Loweruka, 13: Uthenga wa kasitomala amene wayamikira. Timupemphe kaye, akalola tibise dzina, nambala ndi chithunzi chake. Akakana, tiike chithunzi cha shopu basi.

Sabata yachitatu

Iyi ndiye sabata ya ndalama, ndipo mawu a Lolemba asasinthidwe.

Lolemba, 15: "Dengu la Khirisimasi: zinanazi 6, mapava awiri a nthochi ndi mango 20, zonse K16,000. Madengu alipo 40 okha. Lipirani theka kuti tikusungireni, kwinako polandira. Ulendo womaliza ndi Lachiwiri pa 23." Tisalembe dzina la munthu amene wangoti "ndisungireni" osalipira kanthu. Zipatso si sopo, zikatsala pa 24 ndiye kuti tataya.

Lachitatu, 17: Vidiyo yodzaza dengu limodzi, kuwerenga chimodzichimodzi mokweza, kuti pasadzakhale mkangano wa kuchuluka kwake.

Lachinayi, 18: Maoda a Lachisanu, kuphatikizapo madengu otsala. Nambalayo ichokere m'kope, osati kungopeka. Anthu a pano timadziwana, wina akabwera n'kupeza madengu ali mbwee titalemba kuti atsala atatu, sadzatikhulupiriranso.

Loweruka, 20: Kukumbutsa amene alipira theka nthawi ndi malo olandirira. Izi zipite kwa aliyense payekha, pa Status pangopita chikumbutso chachidule.

Masiku omaliza

Lolemba, 22: "Lero 6 koloko tikutseka maoda a Khirisimasi." Iikidwe katatu: m'mawa, masana ndi 4 koloko.

Lachiwiri, 23: Makatoni akukwera galimoto. Ikachedwa chifukwa cha mvula, tilembe msanga tisanayambe kuimbiridwa.

Lachinayi, 25: Mafuno abwino okha, opanda mitengo.

Lamulungu lililonse madzulo mawu a sabata yonse alembedweretu m'foni, bando igulidwe, pawabanki itchajidwe, kuti magetsi akazima posti isalephereke. Mtengo ukasintha kwa alimi, posti yakale ya pa Facebook ikonzedwe nthawi yomweyo, apo ayi kasitomala adzafika ndi chithunzi cha mtengo wakale. M'kope, pambali pa tsiku lililonse, achemwali azilemba anthu amene afunsa ndi amene alipira. Ma Like tisamawerenge. Posti imene yabweretsa mafunso ambiri koma olipira ochepa, tiunikenso mtengo kapena malo otsitsira katundu tisanaibwereze mu Januwale.