Mpira wachifundo wa pa 16 Ogasiti: mauthenga oti tifalitse

Anzanga a m'komiti,

Nawu uthenga wa mpira uja monga munandituma. Nkhani ndi imodzi, koma ndaidula misinkhu yosiyana molingana ndi komwe ikupita. Aliyense atenge wa kumalo kwake, akope mmene ulilimo. Mu uliwonse muli zinthu zisanu: akusewera ndani, liti, pabwalo liti, polowa n'chiyani, ndipo ndalamazo zikagwira ntchito yanji. Zina zonse mukhoza kudula malo akachepa, koma zisanuzi ayi, makamaka chomalizacho. Tikachichotsa utsala mpira wamba wa akuluakulu amimba, ndipo palibe angasiye ntchito zake kudzaonera zimenezo.

Wa pa Facebook (wautali)

Uwu ndiye mayi wa ena onsewo. Facebook imabisa uthenga wautali n'kusiya mizere yoyamba yokha ndi mawu akuti See more, ndipo ambiri sadina pamenepo. N'chifukwa chake ndime yoyamba yanena kale zonse.

Aphunzitsi akumana ndi Azaumoyo pa mpira wachifundo Loweruka pa 16 Ogasiti, 3 koloko masana, pa bwalo la sekondale. Polowa perekani kangachepe. Ndalama zonse zigulira njinga za ana 6 aulumali.

M'sukulu zathu za pulayimale muli ana 6 omwe sangathe kuyenda okha. Kuti afike m'kalasi, wina amayenera kuwanyamula m'mawa n'kudzawatenganso poweruka. Mwana akali wamng'ono zimatheka. Akayamba kusinkhuka, msana wa kholo sulolanso, ndipo tsiku lomwe womunyamulayo wadwala kapena watanganidwa, mwanayo amagona kunyumba anzake akuphunzira. Mayeso akafika samufunsa kuti anajomba chifukwa chiyani.

Azaumoyo anawayeza kale ana onsewa, kuti aliyense apeze njinga yomuyenera. Njinga yaikulu kapena yothina imapweteka msana ndi kuyambitsa zilonda, choncho sitikufuna kungotola iliyonse yomwe yapezeka. Chatsala ndi ndalama basi.

Tsikulo liyenda motere. Zipata zitsegulidwa 12 koloko masana. Nthawi ya 1 koloko atsikana a m'sukulu ziwiri atsegulira bwalo. Ikamakwana 3 koloko alowa akuluakulu, osewera 11 mbali iliyonse, mphindi 30 chigawo chilichonse, poti mapapo awo tikuwadziwa. Akalepherana, mapenate aweruza. Aphunzitsi akuti akhala akukonzekera poweruka, ndipo goloboyi wawo walumbira kuti ukonde sugwedezeka. Azaumoyo angoti bandeji abwera nayo yokwanira matimu onse awiri.

Pachipata palibe mtengo woikika. Padzakhala bokosi lomata, ndipo aliyense aponyamo zomwe wakwanitsa. Ana ang'onoang'ono alowa ndi makolo awo. Mpira ukatha bokosilo litsegulidwa pabwalo pomwepo, ndalama ziwerengedwa anthu akuona, ndipo chiwerengero chake tidzachilemba pa tsamba lino Lolemba pa 18 Ogasiti. Njinga zikagulidwa tidzaonetsanso malisiti.

Ngati simutha kufika koma mukufuna kuthandiza, kasiyeni thandizo lanu ku ofesi ya sekondale tsiku lililonse la ntchito, ndipo mukapatsidwa lisiti. Mafunso lembani m'munsimu, tiyankha. Bwerani ndi banja lonse, ndipo musaiwale mawu ochemerera.

Wa m'magulu a WhatsApp

Pano nkhani ya ana yafupika kufika chiganizo chimodzi, nthabwala za goloboyi zachoka. Tinyenyezi mukutionato musatifufute: WhatsApp imadetsa mawu omwe ali pakati pa tinyenyezi tiwiri. Sindinalembe kuti "Loweruka likubwerali" dala. Uthenga wa pa WhatsApp umayenda mtunda wautali, wina adzaulandira mpira utatha kale n'kupita kubwalo kukapeza mbuzi zokha.

```
*MPIRA WACHIFUNDO*
Aphunzitsi ndi Azaumoyo

*Tsiku:* Loweruka pa 16 Ogasiti
*Nthawi:* 3 koloko masana (zipata 12 koloko, atsikana 1 koloko)
*Malo:* bwalo la sekondale
*Polowa:* perekani kangachepe

Ndalama zonse zigulira njinga za ana 6 aulumali kuti azifika kusukulu tsiku lililonse. Ziwerengedwa pabwalo pomwepo anthu akuona.

Tumizirani anzanu.
```

WhatsApp imalola kutumiza uthenga womwewo kumalo asanu okha nthawi imodzi, ndiye amene muli ndi magulu ambiri mubwereza kangapo.

Wa pa Instagram

Kuno chithunzi ndicho chimalankhula. Tiike cha makaputeni awiri atagwira mpira umodzi, wina atanyamula choko, wina atavala chovala chake chakuntchito. Zithunzi za anawo ayi, ngakhale mayina awo, pano kapena pena paliponse. Makolo sanatipatse chilolezo chimenecho, ndipo ine sindikuona chifukwa choti mwana aonetsedwe kudziko kuti apeze chomwe amayenera kukhala nacho kale. Mawu a m'munsi mwa chithunzi amaduka pakangotha mzere umodzi kapena iwiri, choncho tsiku lili koyambirira.

Loweruka pa 16 Ogasiti, 3 koloko masana: Aphunzitsi ndi Azaumoyo pa bwalo la sekondale. Awiriwa apa akumwetulirana, tiona pa tsikulo. Polowa perekani kangachepe, ndalama zonse zigulira njinga za ana 6 aulumali. Inu muli mbali iti? #MpiraWachifundo

Wa pa X

Malire ndi zilembo 280, ndipo uwu wakwana bwino.

Choko kapena jakisoni? Aphunzitsi akumana ndi Azaumoyo pa mpira wachifundo Loweruka pa 16 Ogasiti, 3 koloko masana, pa bwalo la sekondale. Polowa perekani kangachepe, zonse zigulira njinga za ana 6 aulumali kuti azifika kusukulu. #MpiraWachifundo

Musawonjezere linki. Pa X linki iliyonse, kaya yaifupi kaya yaitali, imawerengedwa ngati zilembo 23, ndipo zofunika zonse zili kale m'mawumo.

Wa SMS

Uwu ndi wa makolo ndi akuluakulu omwe mafoni awo si a intaneti, ndipo ndi womwe wavuta kwambiri kudula. Meseji imodzi imanyamula zilembo 160, kuwerengera mipata ndi zizindikiro zomwe. Wathuwu uli ndi 154.

```
Mpira wachifundo: Aphunzitsi ndi Azaumoyo, Loweruka 16 Ogasiti, 3 koloko, bwalo la sekondale. Polowa perekani kangachepe, tigule njinga za ana 6 aulumali.
```

Moni mulibe, zikomo mulibe. Ndikudziwa kuti ena mwa inu zikuwawani kutumizira akuluakulu uthenga wopanda moni, koma mukangowonjezera mawu awiri zilembo zipitirira 160, foni iugawa pawiri, ndipo tilipira mameseji awiri pa munthu aliyense. Chinanso chobisika ndi ichi: mukaikamo kachithunzi ka mpira kapena ka nkhope yomwetulira, kapenanso chilembo cha ŵ, foni imasintha kalembedwe kake ndipo malire amatsika kufika pa zilembo 70 zokha. Uthenga womwewu usanduka mameseji atatu. Ndiye mlembi, chonde kopani ndi kutumiza, osaukongoletsa.

Wa pa wailesi (masekondi 30)

Womvera sangabwerere m'mbuyo kuti amvenso, choncho tsiku ndi malo zatchulidwa kawiri, poyamba ndi pomaliza. Ziganizo ndi zazifupi kuti muulutsi apeze popumira. Za 12 koloko ndi 1 koloko ndazisiya, pakuti nthawi zitatu m'khutu limodzi zimasokonekera.

Okonda mpira, tamverani! Loweruka pa 16 Ogasiti, pa bwalo la sekondale, Aphunzitsi akumana ndi Azaumoyo pa mpira wachifundo. Polowa perekani kangachepe. Ndalama zonse zigulira njinga za ana asanu ndi mmodzi aulumali, kuti nawonso azifika kusukulu. Bwerani ndi banja lonse. Musaiwale: Loweruka pa 16 Ogasiti, 3 koloko masana, pa bwalo la sekondale!

Amene mukapereke uthengawu ku wailesi, muyambe mwauwerenga mokweza wotchi ili m'manja. Ukapitirira, chotsani "Bwerani ndi banja lonse".

Wa pa pepala lomata

Munthu amaliwerenga akudutsa, mwina ali pa njinga. Mizere isanu yokha, woyambawo zilembo zikuluzikulu zoti zioneke patali.

MPIRA WACHIFUNDO
Aphunzitsi ndi Azaumoyo
Loweruka pa 16 Ogasiti, 3 koloko masana
Bwalo la sekondale, polowa kangachepe
Tigule njinga za ana 6 aulumali

Wolengeza pamsonkhano

Uwu ndi wa aliyense amene wapatsidwa mphindi imodzi pamsonkhano wa makolo kapena wa kuntchito. Moni uja wabwerera, poti apa mukuyang'anana maso ndi maso.

Zikomo apampando pondipatsa mpata. Makolo ndi akuluakulu nonse, ndatumidwa ndi komiti yokonza mpira wachifundo. Tili ndi ana 6 aulumali omwe akujomba kusukulu chifukwa chosowa njinga. Loweruka pa 16 Ogasiti, 3 koloko masana, aphunzitsi athu asewera ndi azaumoyo pa bwalo la sekondale kuti tipeze ndalama zogulira njingazo. Pachipata palibe mtengo, aliyense apereka zomwe wakwanitsa, ndipo tidzaziwerenga inu mukuona. Tikupemphani mudzabwere, mudzatengenso anzanu. Zikomo.

Wokumbutsa m'mawa wa tsikulo

Apa pokha ndi pomwe mawu akuti "lero" aloledwa, chifukwa tiuika pa Status ya WhatsApp ndi pa Stories, pomwe umafufutika wokha pakatha maola 24.

Ndi lero! Aphunzitsi ndi Azaumoyo, 3 koloko masana, bwalo la sekondale. Zipata 12 koloko. Kangachepe kanu kagulira njinga za ana 6 aulumali.

Katumizidwe kake kakhale motere. Wa Facebook ndi mapepala omata atuluke Lolemba pa 4 Ogasiti, kuti anthu akhale ndi pafupifupi masabata awiri okonzekera. Wa WhatsApp, Instagram ndi X atsatire tsiku lomwelo madzulo, kenako tidzawabwereze Lachitatu pa 13. Wailesi iulutse kuyambira Lachinayi pa 14. SMS ipite kamodzi kokha, Lachisanu pa 15, poti ndi yolipira ndipo ikapita msanga anthu amaiwala.

Pakasintha kanthu, kaya nthawi kaya bwalo, musakonze uthenga wanu nokha. Ndiuzeni ine, ndisinthe onse nthawi imodzi, ndikutumizireninso. Msungichuma, chonde onaninso ndime ya bokosi ndi malisiti mu uthenga wa Facebook, munditsimikizire pofika Lachisanu lino kuti zomwe talonjezazo tidzazichitadi.

Ine wanu,
Wofalitsa nkhani m'komiti