Kotesheni ya mipando ndi madesiki, komanso kalipiridwe kake

Zikomo mayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Kotesheni munapempha pafoni ija ndi iyi:

Mipando ya muofesi 40, umodzi madola 75, yonse 3,000
Madesiki 20, imodzi madola 150, onse 3,000
Transipoti mpaka pakhomo panu, madola 250
Zonse pamodzi madola 6,250, msonkho uli momwemo kale

Mitengoyi ikhala chonchi kwa masabata awiri kuchokera lero, kupitirira apo tidzaonanso.

Tsopano za kalipiridwe, apa ndiye ndikufuna timvane bwinobwino oda isanatuluke, chifukwa ndinaonapo ubale wabwino ukusokonekera kamba ka tsiku limodzi lokha lomwe wina anawerenga mosiyana ndi mnzake. Pa invoisi pansi mudzaona palembedwa 2/10 net 30. Tanthauzo lake ndi loti muli ndi masiku 30 oti mulipire ndalama yonse, 6,250 ija, koma mukalipira m'masiku 10 oyambirira tikuchotserani 2 peresenti, yomwe ndi madola 125, ndiye mudzangotumiza 6,125 basi.

Masikuwa timayamba kuwerenga kuchokera pa deti yomwe ili pa invoisi, osati tsiku lomwe katundu wafika kapena lomwe a akaunti anu atsegula imelo ayi, ndipo ndi masiku a pakalendala, Loweruka ndi Lamulungu momwemo. Invoisi timailemba tsiku lomwe galimoto yanyamuka ndipo ndimakutumizirani pompo kuti musaluze tsiku ngakhale limodzi. Mwachitsanzo ikatuluka pa 5 Juni, disikaunti ithera pa 15 Juni ndipo tsiku lomaliza kulipira ndi 5 Julaye. Tsikulo likagwera pa wikendi kapena holide tidzalandira tsiku lantchito lotsatira.

China chomwe chimavuta kawirikawiri ndi ichi, ife timati mwalipira ndalama ikaoneka mu akaunti yathu, osati pomwe mwasaina cheke kapena mwanditumizira sikirinishoti, ndiye ngati mukuifuna disikaunti chonde tumizani kukadali masiku awiri kapena atatu chifukwa mabanki nthawi zina amachedwetsa. Disikauntiyi ndi ya amene walipira invoisi yonse, mukapereka theka siigwira. Kunena zoona ngati ndalama ilipo ndingakulangizeni kuti muitenge, 2 peresenti imaoneka yochepa koma mukuipeza pongolipira masiku 20 msanga, mukaiwerengera pachaka ikupitirira 36 peresenti.

Masiku 30 akadutsa timaika chiwongoladzanja cha 1.5 peresenti pamwezi pa ndalama yotsalayo. Sindikufuna tidzafike pamenepo, mukaona kuti zithina mungondiimbira tsiku lisanakwane tikambirane.

Ngati zonsezi mwagwirizana nazo mungoyankha imelo yomweyi kuti mwavomera, muikemo nambala ya oda yanu ndi dzina la amene amalandira mainvoisi kwanuko. Katundu adzafika pasanathe masiku 7 antchito mukatsimikiza.

Zikomo kwambiri,
Ine wanu, wa ku ofesi ya zogulitsa