TV ya pa Golosale ya a Kamwendo

A Kamwendo anatsika pa kabaza dzuwa litapendeka, atakumbatira katoni yokulungidwa m'chitenje ngati mwana wodwala. Mayi Nachisale, amene ankayeza shuga pa kauntala, anangoona katoniyo n'kudziwa kuti ndalama zooda katundu zapita.

"Bambo a Chikondi, mafuta ophikira aja ali kuti?"

"Mafuta tiwoda Lolemba, mayi. Iyi ndaipeza kwa mnyamata wina wa pa Mponela wochokera ku Joni. Wandipatsira limodzi ndi dishi ndi dikoda yomwe."

"Ndiye anthu azilipira zingati pakhomo?"

"Salipira. Wofuna tiyi agula tiyi. Anthu awa amatigula chaka chonse, mpaka liti azimvera mpira pa wailesi?"

Mayiwo sanayankhe. Anangomanga kapepala ka shuga mwamphamvu kuposa masiku onse.

Linali Lachinayi, ndipo mawa lake, pa 14 Januwale 2022, Flames inkakumana ndi Zimbabwe ku Bafoussam m'dziko la Cameroon. Masewero oyamba anyamatawo anali atagonja kwa Guinea 1-0, choncho pa msika ponse nkhani inali imodzi: tikaluzanso, tabwerako.

M'mawa Yamikani wokonza mafoni anakwera padenga ndi sipanala m'thumba. A Kamwendo anakhomera thabwa pamwamba pa shelefu ya sopo, n'kuikapo TV ija itayang'ana kukhonde. Pakona pa galasi panali kamng'alu, ndipo rimoti inali yomangidwa ndi mphira. Chikondi anaima patsogolo pake n'kumawerenga.

"Ikungoti No Signal, achimwene!"

"Pano bwanji?"

"Tembenuzani pang'ono kumene kuli mtengo wa mango... Basi! Basi! Musagwedezenso!"

Chithunzi chinabwera chowala bwino, udzu wa pabwalo uli biriwiri. Koma mawu, zii. Yamikani anatsegula kumbuyo, n'kupukusa mutu: sipika inapsa kalekale. A Kamwendo anakhala pa kreti ya zakumwa, thukuta lili kamukamu. Mayi Nachisale anawayang'ana kanthawi, kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi wailesi yawo ya kukhitchini, mabatire atsopano ali kale m'kati.

"Maso aone uko, makutu amve kuno," anatero akuiika pa kauntala.

Isanakwane 6 koloko khonde linali litadzaza. Akabaza anatsamiritsa njinga pa mpanda, amayi ogulitsa tomato anayala zitenje kutsogolo, ana anakhala pansi mawondo ali m'chibwano. Agogo Chimbalanga, amene anatsatira Flames pa wailesi kuyambira masiku a Kinnah Phiri, anawapatsa mpando wa a Kamwendo weniweniwo. Ketulo inali pa mbaula, mandasi ali m'beseni.

Zimbabwe itagoletsa, khonde lonse linati chete. Wina kumbuyo anang'ung'udza kuti TV ya kaunjika yabweretsa tsoka. Koma nthawi yopuma isanakwane, wailesi inakuwa kuti chigoli, Gabadinho Mhango wabweza! Anthu anadumpha, kenako anaima modabwa, chifukwa pagalasi mpira unali usanafike n'komwe kwa Gaba. Wailesi inkatsogola ndi masekondi angapo. Chigoli chija chitaoneka, anakuwanso kachiwiri, ana mpaka kugubuduka m'fumbi.

Agogo okha sanakuwe. Anakodola a Kamwendo ndi ndodo.

"Mwana wanga, zimitsa wailesiyo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuzidwa ndi anthu ena. Lero ndikufuna ndione ndekha."

Chigawo chachiwiri anachionera chopanda mawu. Yamikani ndiye anasanduka muulutsi, koma ankasokoneza mayina a osewera mpaka amayi a tomato kumamukonza. Kunja kunayamba kuwaza, chithunzi chinachita timabokosi, ndipo a Kamwendo anagwira mutu. Mwamwayi mtambo unadutsa. Posakhalitsa Gaba anapezeka ndi mpira kutsogolo kwa golo, ndipo ukonde unagwedezeka.

"Ndachiona!" anafuula agogo ataimirira, ndodo itagwa. "Chimenechi ndachiona ine!"

Mpira unatha 2-1. Anthu anabalalika akuimba, matochi a mafoni akuwala m'njira zopita kumidzi, ndipo anyamata awiri anawaperekeza agogo.

Mayi Nachisale anakhuthulira ndalama pa kauntala n'kuziwerenga kawiri. Mandasi anali atatha, masamba a tiyi atatha, ngakhale mtedza wokazinga umene unakhala m'botolo sabata yonse.

"Senegal ndi liti?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Lachiwiri."

"Ndiye Lolemba mukaode mafuta ndi ufa wa mandasi matumba awiri. Mumuuzenso Yamikani apeze sipika. Wailesi yanga ibwerere kukhitchini."