CHIDZIWITSO CHA KUSINTHA DZINA

Ine amene ndakhala ndikudziwika ndi dzina loti Petulo Fulansisi Kachigwada, wa mfunda wa Mbewe, wobadwa pa 14 Malichi 1984 m'mudzi mwa Chimbalame, Mfumu Yaikulu Kachindamoto, m'boma la Dedza, amene pano ndikukhala ndi kugwira ntchito ya ukalipentala pa Kamuzu Road m'boma la Salima, ndikudziwitsa abale, anansi, makasitomala, maofesi a boma, mabanki ndi aliyense amene nkhaniyi ikumukhudza kuti ndasiya maina awiri oyamba, Petulo ndi Fulansisi, ndipo ndatenga dzina loti Yusufu. Dzina langa lonse tsopano ndi YUSUFU KACHIGWADA.

Pa satifiketi yanga ya JCE, pa chiphaso cha unzika ndi pa laisensi ya njinga yamoto analembapo kuti Peter Francis Kachigwada. Pa khadi la ubatizo pali Petulo Fulansisi. Pa malisiti ena akale a matabwa pali P. F. Mbewe, chifukwa ogulitsa ankalemba mmene ankandiitanira. Maina onsewa ndi a munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndine.

Chifukwa chake ndi chipembedzo. Lachisanu pa 15 Malichi 2024, m'mwezi wa Ramadhani, ndinanena shahada, mawu ovomereza chikhulupiriro cha Chisilamu, pamaso pa shehe ndi jamaa yonse ya mumzikiti umene ndimaswalira, ndipo kuyambira tsikulo ndine Msilamu. Palibe anandikakamiza, palibe anandilonjeza ndalama, ntchito kapena mkazi. Ndalemba zimenezi poyera chifukwa ndamva zikunenedwa pamsika, ndipo kuyankha munthu mmodzimmodzi kwanditopetsa. Ashehe anandiuza okha kuti Chisilamu sichikakamiza munthu wolowa kumene kusintha dzina ngati dzinalo lilibe tanthauzo loipa, ndipo anandilangiza kuti ndisafulumire. Ndinakhala kupitirira chaka ndikulingalira, kenako ndinasankha ndekha. Gawo 33 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo, ndipo ufulu umenewo ndi umene ndagwiritsa ntchito.

Dzina la bambo anga, malemu a Kachigwada, sindinalikhudze ndipo sindidzalikhudza. Ena anandifunsa chifukwa chimene sindinasinthire lonse kuti limveke la Chiarabu kuyambira kumutu mpaka kumchira. Qur'an yeniyeniyo, pa Sura 33 ndime 5, imalamula kuti anthu aziitanidwa ndi maina a makolo awo aamuna. Munthu amene anandibereka, kundilipirira sukulu ndi ndalama za thonje, n'kundigulira sowo yanga yoyamba, sindingamufufute pa chiphaso. Mfunda nawonso uli pomwepo. Amene mwazolowera kunena kuti a Mbewe, pitirizani, ndidzayankha monga kale.

Za ndondomeko ya boma nazi. Lolemba pa 9 Juni 2025 ndinalumbira pamaso pa wolumbiritsa anthu ku khoti la majisitireti ku Salima kuti maina onse ali pamwambawa ndi anga, ndi kuti sindikusintha dzina pofuna kuthawa ngongole, mlandu kapena udindo uliwonse. Kalata yolumbirayo, pamodzi ndi kalata ya a mfumu a kwathu ndi ya ashehe, ndinaipereka ndi pempho langa ku Ofesi ya Pulezidenti ndi Nduna, motsatira lamulo loona za kusintha maina, lomwe ndi Mutu 5:01 wa Malamulo a Malawi. Chidziwitso chachifupi cha m'Chingerezi chikutuluka mu Gazeti ya Boma ndi m'nyuzipepala. Chino ndachilemba m'Chichewa, ndipo motalikirapo, chifukwa ambiri amene ndimachita nawo malonda ndi abale anga a kumudzi Gazetiyo sadzaiona.

Aliyense amene ali ndi chifukwa chomveka chotsutsira kusinthaku alembe kalata kwa Mlembi wa Pulezidenti ndi Nduna ku likulu la boma ku Lilongwe, isanathe nthawi imene yatchulidwa m'chidziwitso cha mu Gazeti, ndipo atchule dzina lake ndi chifukwa chakecho.

Kufikira chilolezo chitatuluka, pa zikalata za boma ndi za kubanki ndipitiriza kusaina dzina lakale, popeza ndi limene lili m'kaundula. Chikangotuluka ndidzapita ku NRB kukasinthitsa chiphaso cha unzika, kenako ku MRA, ku ofesi yoona za pamsewu, kubanki ndi ku kampani ya foni. Satifiketi ya MANEB ndi pepala langa la luso la ukalipentala zidzakhala ndi dzina lakale, ndipo ndikamazionetsa ndizidzaphatikiza kalata ya chilolezo. Olemba ntchito ndi opereka makontirakiti asadzadabwe kuona maina awiri m'fayelo imodzi. Nambala ya chiphaso changa sindinailembe pano dala, poopa akathyali amene amatola manambala a anthu n'kumakatengera ngongole.

Tsopano nkhani ya ndalama, imene ndikudziwa kuti ndiyo ambiri mukuidikira. Ngongole zonse zimene ndinatenga ndili Petulo ndi za Yusufu. Ku banki m'khonde ya gulu lathu la amisiri ndili ndi ngongole ya K380,000 imene ndinatenga mu Epulo, ndipo ndidzamaliza kubweza pa 30 Seputembala 2025 monga tinalembera m'buku. Kwa bambo amene amandipatsa matabwa a mlombwa ndi a paini patsala K215,000, ndipo tsiku lobweza silinasunthe. Madesiki 40 a sukulu yapulaimale imene inandipatsa kale theka la ndalama adzaperekedwa sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala. Amene munasiya dipoziti ya bedi, kabati, zitseko kapena mafelemu a mawindo, lisiti lanu likugwira ntchito ngakhale lili ndi dzina lakale, musalitaye. Ngati pali wina amene ndili naye ngongole koma sindinamutchule, abwere ku shopu ndi umboni wake tidzawerengerane.

Mbali inayo ilinso chimodzimodzi. Amene muli ndi ndalama zanga musaganize kuti mwini ngongole wasowa. Buku lija lachikuto chofiira ndikadali nalo, ndipo maina anu sanasinthe.

Mukamatumiza ndalama pa foni, dzina limene lizioneka lidzakhalabe Peter Kachigwada mpaka chiphaso chatsopano chitatuluka. Nambala yanga ndi yomwe ija, sindinasinthe ndipo sindikuganiza zosintha. Wina akakuimbirani kapena kukulemberani uthenga kuti ndine Yusufu, ndasintha dzina ndiye ndasinthanso nambala, tumizani kuno, dziwani kuti ndi wakuba. Musatumize ngakhale K1,000 musanandione maso ndi maso kapena kundiimbira pa nambala yakale. Chikwangwani cha pashopu chisintha mwezi uno kukhala Yusufu Kachigwada, koma malo ndi omwewo, kuseri kwa chigayo. Lachisanu ndizitseka kuyambira 11:30 m'mawa mpaka 2 koloko masana chifukwa cha swala ya Ijumaa, ndipo Lamulungu, limene kale ndinkatseka tsiku lonse, ndizitsegula masana. Mabokosi a maliro ndikupitiriza kukhoma. Ena anayamba kupita kwina poganiza kuti ndasiya popeza ife timaika m'sanda, koma imeneyo ndi ntchito ya manja anga, ndipo ofedwa akagogoda usiku ndidzadzuka monga ndakhala ndikuchitira.

Ukwati wanga ndi mayi a ana anga, umene unamangidwa pa chinkhoswe mu 2009, uli chilili, ndipo ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi omwe aja. Mayiwo akupitiriza kupemphera ku tchalitchi kwawo ndi dzina lawo, ndipo pasapezeke wowavutitsa kapena wowafunsa mafunso a pambali pa nkhani imene ndi yanga. Ana athu atatu maina awo sakusintha. A kusukulu ndi a kuchipatala adziwe kuti bambo amene alembedwa m'mabuku a anawo kuti Peter Kachigwada ndi ineyo, ndipo fizi, yunifolomu ndi chisamaliro chonse zili pamutu panga monga kale. Akadzakula adzasankha okha njira yawo.

Puloti ya ku Salima imene ndinagula mu 2016, yomwe kalata yake inasainidwa pamaso pa a nyakwawa ndi mboni ziwiri m'dzina la Petulo Kachigwada, ndi yanga ndi banja langa. Dimba la kumudzi ndi la mbumba ya amayi anga, ndipo ine ndimangolima ndime imene anandigawira amalume. Kusintha dzina sikukuwonjezera kapena kuchotsa phazi ngakhale limodzi pa malire amenewo. Wina asadzanene mawa kuti Yusufu ndi mlendo pamalopo, ndiponso ine sindidzanena kuti ndili ndi gawo loposa limene ndinali nalo.

Kwa inu amayi, amalume, alongo anga ndi mbumba yonse ya kwa Chimbalame: nkhaniyi munaimva kale pakamwa panga, ndipo ena mwa inu inakuwawani. Sindikutsutsa kuwawako. Dzina la Petulo anandipatsa ndi agogo aakazi pa ubatizo, ndipo ansembe ndi aphunzitsi a ku parishi ya kwathu ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga ndi kugwira pulena. Sindikuchoka ndi mkwiyo ndipo sindidzanyoza kumene ndinakulira. Pa maliro, pa ukwati, pa matenda ndi pa zopereka za pamudzi mudzandiona monga mwa nthawi zonse. Pa chakudya pokha mundimvetse ndikakana nkhumba, mowa ndi nyama yosazinga. Amayi anandiuza kuti lilime lawo lakalamba ndipo sangazolowere dzina latsopano. Iwo okha ndawalola, aziitana mmene anazolowerera. Ena nonse ndikupempha kuti muyesetse, ndipo amene alakwitsa mosadziwa sindidzamusungira kanthu.

Chinanso ndi ichi, poti imfa sipangana tsiku. Ndikadzamwalira, thupi langa lidzasambitsidwe, kuvekedwa sanda, kuswalidwa ndi kuikidwa mwa Chisilamu mosachedwetsa, ku manda a kumudzi kwathu ngati mtunda ndi nthawi zilola. Izi ndinakambirana kale ndi amalume aakulu, mayi a ana ndi ashehe titakhala pamodzi, ndipo zalembedwanso mu wilo yanga. Ndazibwereza pano kuti tsikulo pasadzakhale kukokanakokana pakati pa abale ndi a kumzikiti.

Makope a chidziwitsochi aperekedwa kwa a Gulupu a kwathu, ku ofesi ya Bwanamkubwa wa boma la Salima, ku komiti ya mzikiti, kwa mlembi wa banki m'khonde ndi kwa tcheyamani wa msika, ndipo lina lamatidwa pachitseko cha shopu. Wofuna kuona kalata yolumbira afike pashopupo tsiku lililonse la ntchito.

Chalembedwa ku Salima, Lolemba pa 16 Juni 2025.

Ine mwini,
Yusufu Kachigwada
amene kale ndinali Petulo Fulansisi Kachigwada

Mboni yoyamba: Lafayelo Dzoolekwanu Mbewe, malume, mlimi, mudzi wa Chimbalame, Dedza
Mboni yachiwiri: Shehe Idirisa Mkwepele, Salima